Lipoti lalitali pa pepala lotchipa: Times New Roman, Calibri, Cambria, kapena iti?

Fonti yomwe ikukusangalatsani pa sikirini ya laputopu si yomwe mphunzitsi akaione. Iye akaona zomwe zatuluka mu pulinta ya pa shopu, pa pepala lomwe mwini shopuyo anagula poona kutchipa, ndi tona yomwe yadzazidwa kangapo mu katiriji yomweyo, ndipo mwinanso si pepala loyambalo ayi koma fotokope yake, chifukwa makope atatu akafunika ambiri timapulinta imodzi zinazo n'kungokopa. Ndiye funso si lakuti fonti yokongola ndi iti, koma ndi iti yomwe ingapirire nkhanza zonsezi n'kukhalabe yowerengeka munthu akafika pa tsamba 25 maso atatopa kale.

Tiyambe ndi pepalalo kaye. Pa chikuto cha rimu pamalembedwa 80 gsm kapena 70 gsm, kutanthauza kulemera kwa pepala lalikulu mita imodzi mbali zonse, moti A4 imodzi ya 80 imalemera magalamu 5. La 70 ndi lopyapyala, ukaliyang'anitsa pa windo umaona zala zako kuseri, ndipo zolembedwa pa tsamba lotsatira zimaonekera ngati chithunzithunzi ngakhale mutapulinta mbali imodzi yokha. Komanso pepala lotchipa kawirikawiri si loyera kwenikweni, limakhala lotuwirako, ndipo pamwamba pake si posalala, pali timaulusi tomwe maso saona koma inki imatitsatira. Zonsezi zimachepetsa kusiyana kwa chilembo chakuda ndi pepala, pomwe kusiyana kumeneko ndi komwe diso limadalira.

Tsono mapulinta awiri omwe mungakumane nawo amaononga zilembo mosiyana, ndipo apa mpofunika kumvetsa bwino. Pulinta ya leza, ija ya tona wa ufa, ikatopa imadya timizere topyapyala. Kamzere kopingasa ka pakati pa e kamaduka, e n'kumaoneka ngati c, pamwamba pa n ndi m pamang'ambika. Zimanyanya ngati a pa shopu anatchera pulinta kuti izisunga tona, pa makina a HP zimenezi zimalembedwa kuti EconoMode, kapena ngati pepala lakoka chinyezi nthawi ya dzinja, tona sigwira bwino, imatuluka mathothomathotho. Pulinta ya inkijeti, ija ya inki yamadzi, imachita zosiyana, inki imalowerera m'timaulusi tija n'kufalikira, chilembo chimanenepa, ndiye timabowo ta mkati mwa a, e ndi g timatsekeka, r ndi n zoyandikana zimagundana n'kukhala m. Fotokope ndiye imachita zonse ziwiri pakamodzi, zopyapyala imazifafaniza, zonenepa imazinenepetsa. Choncho fonti yabwino pa ntchito imeneyi ndi yomwe mizere yake yopyapyala si yopyapyala kwambiri, mabowo ake ndi otakasuka, ndipo zilembo zing'onozing'ono monga a, e, n, o ndi zazikulupo poyerekeza ndi zazitali monga b ndi l. Basi, zitatu zimenezo, zina zonse ndi zokonda za munthu.

Chachitatucho chimasokoneza anthu ambiri chifukwa amaganiza kuti 12 ndi 12 paliponse. Ayi. Nambala ija ikuyeza kabokosi kosaoneka komwe chilembo chimakhalamo, osati chilembocho. Tengani x wamng'ono mumuyeze, mu Times New Roman 12 ndi wamtali pafupifupi 1.9 mm, mu Arial 11 ndi pafupifupi 2.0 mm, kutanthauza kuti Arial 11 ndi yaikulu kuposa Times 12 ngakhale nambala ikunena zina. Calibri 11 ili cha m'ma 1.8 mm. Kusiyanaku kukumveka kochepa koma pa tsamba lodzaza mawu diso limakuona pompo.

Ina ndiichotseretu msanga. Garamond yomwe imabwera ndi Office ndi yokongola zedi m'buku lopulintidwa ku fakitale pa pepala labwino, koma pa pepala la 70 ndi tona yotopa musayese, zilembo zake ndi zazing'ono, mizere yake ndi yoonda, kabowo ka e ndi kakang'ono kwambiri. Ena amaikonda ati imasunga inki, inde imasunga, chifukwa palibe chomwe ikulemba. Chimodzimodzi fonti iliyonse yomwe dzina lake lili ndi mawu akuti Light, Thin kapena Narrow, siyani.

Tsopano Times New Roman, mwini bwalo. Inapangidwira nyuzipepala ya The Times ya ku London ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1932, ntchito ya Stanley Morison ndi Victor Lardent. Popeza ndi ya nyuzipepala anthu amaganiza kuti basi ndiye kuti pepala lotchipa ndi kwawo, koma pali zinthu ziwiri zomwe zimaiwalika. Choyamba, nthawi imeneyo zilembo zinali zachitsulo, zimadindidwa mokanikiza ndipo inki imafalikirako pang'ono n'kunenepetsa timizere toonda tija, pomwe leza ya lero siwonjezera choncho, tona ikachepa imangochotsa. Chachiwiri, inapangidwa yopanikizika kuti mawu ambiri akwane m'timadanga topapatiza ta nyuzipepala, pomwe ife timaiyala pa A4 yonse. Mukasiya mpata wa m'mbali wa 2.54 cm uku ndi uku, mzere umatalika 15.9 cm, ndipo Times 12 imalowetsamo zilembo pafupifupi 90, pomwe anthu opanga mabuku amakonda mzere wa zilembo zosapitirira 75 kapena cha pomwepo. Mzere ukatalika choncho diso likafika kumapeto limavutika kupeza poyambira mzere wotsatira, umapezeka wawerenganso mzere womwewo kawiri, ndiye chifukwa chake Times pa A4 imafuna mpata waukulu pakati pa mizere, 1.5 uja aphunzitsi amalamula sikuti ndi wongolembamo ndemanga zofiira ayi, umathandizadi kuwerenga.

Ubwino wake sitingaukane. Ili pa kompyuta iliyonse ya Windows ndi Mac, palibe mphunzitsi angakufunseni kuti bwanji mwasankha imeneyi, zilembo zake zopendekera zimasiyana bwino ndi zoongoka, zomwe zimathandiza pa maina a mabuku ndi maina a sayansi a zomera, ndipo imadya masamba ochepa. Pa pulinta yomwe tona yake ili bwino, Times 12 ndi yokwanira ndithu. Vuto lake ndi lakuti ilibe mafuta osungira, zinthu zikangoipa pang'ono ndi yoyamba kuonda. Ndipo Times 11 kapena 10 pa pepala lotchipa, pofuna kuchepetsa masamba, kumeneko ndi kuzunza owerenga.

Ngati malamulo a sukulu kapena a dipatimenti anena kuti Times New Roman 12, mpata 1.5, nkhani yathera pomwepo, musalimbane ndi munthu amene ali ndi cholembera chofiira. Chomwe mungachite ndi kuiteteza. Pulintani makope onse mwachindunji m'malo mokopa, pemphani kuti azimitse zosunga tona zija, ndipo mawu a pansi pa tsamba musawatsitse kupitirira 10. Koma werengani lamulolo bwinobwino, nthawi zina limangoti tsatirani malamulo a kalembedwe a APA, ndipo APA ya nambala 7, yomwe inatuluka mu 2019, imalola Times New Roman 12, Georgia 11, Calibri 11 ndi Arial 11 mwa zina, ndiye kuti mpata wosankha ulipo.

Calibri ndi ija ambiri amagwiritsa ntchito osaisankha, poti Word wa mu Office 2007 mpaka 2021 amangoyambira pomwepo. Anaijambula Lucas de Groot, ndipo inapangidwa poganizira kwambiri za sikirini. Ilibe timapazi tija ta kumapeto kwa zilembo, mizere yake ndi yofanana kunenepa, ndiye tona yotopa siyiidula ngati mmene imadulira Times, apa yapambana. Koma ngodya zake ndi zobulungira, zofewa, ndipo ndi yopanikizika, ndiye pa inkijeti ndi pepala lomwa inki imaoneka ngati yasungunuka pang'ono, ndime yonse imakhala yotuwa mofanana popanda pogwira diso. Pa 11 ndi yaing'ono kwa ine, pa pepala ndimaikweza kufika 12. Pa kalata kapena lipoti la masamba asanu ndi yabwino, pa masamba 30 a ndime zokhazokha ndimaiona yotopetsa, ngakhale apa ndivomereze kuti ndi maso anga, ena amaikonda. Chomwe si nkhani ya maso ndi mitu ya nkhani, Word wa 2013 mpaka 2021 amaika mitu mu Calibri Light ya buluu, ndipo pulinta ya zakuda zokha imasandutsa buluuyo timadontho totuwa, mutu n'kumaoneka wofooka kuposa ndime ya pansi pake. Sinthani mitu yonse ikhale yakuda bii.

Amene muli ndi Office yatsopano mwaona kuti Calibri inalowedwa m'malo ndi Aptos, ya Steve Matteson, yomwe Microsoft inalengeza mu 2023. Payokha si yoipa, ndi yotakasuka kuposa Calibri. Koma kompyuta ya pa shopu yomwe ikuyendabe ndi Office 2010 kapena 2016 ilibe Aptos, mukapititsa fayilo ya Word pa fulashi idzaikapo fonti ina mwakachetechete, matebulo n'kusuntha, mutu n'kutsalira wokha pansi pa tsamba, manambala a masamba mu zamkatimu n'kusiya kugwirizana. Ndibwereranso ku nkhani imeneyi.

Arial, ya mu 1982, ndi chimphona pa kupirira. Ikopeni kawiri, katatu, idzawerengekabe, chifukwa mizere yake ndi yonenepa mofanana ndipo zilembo zing'onozing'ono ndi zazikulu. Ngati mukudziwa kuti lipoti lanu likakopedwa n'kugawidwa kwa anthu ambiri, kapena owerenga ndi munthu wamkulu wa maso ovuta, Arial 11 ndi chisankho chanzeru. Ili ndi zilema ziwiri. I wamkulu ndi l wamng'ono ndi kamtengo kofanana, ndiye mu lipoti la kemisitire Cl ya kolorini imaoneka ngati C ndi I wamkulu, ndipo AI ndi Al simungazisiyanitse. Chinanso, pa 12 ndi yaikulu mopitirira, imadya masamba ndipo pa pepala lopyapyala kuda kwake kumaonekera kuseri kwambiri, makamaka mukapulinta mbali zonse ziwiri. Verdana ndiye yanyanya, ndi yotambalala kwambiri, inapangidwira masikirini a m'ma 1990 omwe anali ndi madontho akuluakulu, pa lipoti lalitali mungolipira masamba owonjezera popanda phindu.

Georgia ndimaikonda ndipo imandikhumudwitsa nthawi imodzi. Anaijambula Matthew Carter, yemwenso anajambula Verdana, ndipo inatuluka mu 1996. Ili ndi timapazi ngati Times koma ndi yonenepa, yotakasuka, mabowo aakulu, Georgia 11 imaoneka yaikulu ngati Times 12 koma yakuda bwino, ndipo pa tona yofooka imaima nji. Pa lipoti la mbiri, la zinenero, la maphunziro a zachipembedzo, lomwe ndi mawu okhaokha, Georgia 11 ndi yovuta kuiposa. Koma taonani manambala ake. Lembani 1964 mu Georgia, muona kuti 1 ndi wamfupi, 9 ndi 4 alendewera pansi pa mzere, 6 wakwera mmwamba, ndipo 0 ndi kabwalo kakang'ono kofanana ndi o. Mkati mwa chiganizo zimakongola, koma mu tebulo la zokolola kapena la ndalama manambala amavinavina, ndipo pa fotokope 10 amaoneka ngati mawu osati nambala. Ngati lipoti lanu lili ndi matebulo ambiri, Georgia ayi, kapena ikani matebulowo mu Arial 10, zomwenso zimagwirizana bwino.

Ndiye tifike pa yomwe ine ndimasankha ndikapatsidwa ufulu, Cambria. Inabwera limodzi ndi Calibri mu Office 2007, wojambula wake wamkulu ndi Jelle Bosma, ndipo ambiri amaidumpha chifukwa siyokongola, n'zoona, ndi yamakonamakona, yolimba, ili ngati njinga ya kabaza, siyopitira ku ukwati koma imanyamula. Timapazi take ndi tonenepa, kusiyana kwa mzere wonenepa ndi woonda ndi kochepa poyerekeza ndi Times, zilembo zili ndi mpata wokwanira pakati pawo moti r ndi n sizigundana msanga, ndipo manambala ake ndi ofanana kutalika ndi kutambalala, amafola bwino mu tebulo. Kwa a masamu ndi fizikisi pali bonasi, mukalemba fomyula mu Word imatuluka mu Cambria Math, ndiye ndime ndi mafomyula zimakhala za banja limodzi, osati ndime ya Arial kenako mwadzidzidzi fomyula ya mtundu wina. Pa kukula, Cambria 11 ndi yocheperako pang'ono kuposa Times 12, Cambria 12 ndi yokulirapo, ndipo ambiri sadziwa kuti Word amalola theka, mutha kulemba 11.5 m'kabokosi ka kukula kaja n'kudina Enter. Pa 11.5 x wake amafanana ndi wa Times 12 koma ndi wakuda bwino. Chilema chake, kupatula nkhope, ndi chakuti pa inkijeti yomwe ikutulutsa inki yambiri imatha kuoneka yolemera, tsamba limada, apo ndiye wonjezerani mpata pakati pa mizere kapena bwererani ku 11.

Pali inanso yomwe sibwera ndi Windows koma ndiyofunika kuidziwa, chifukwa ndi yomwe inapangidwira vuto lenilenili. Mu 1987 Matthew Carter yemweyo anajambula Charter ku kampani ya Bitstream, cholinga chake chinali mapulinta a leza a nthawi imeneyo omwe anali a 300 dpi okha, kutanthauza madontho 300 pa inchi, ndiye anachepetsa zokhotakhota, timapazi anatipanga toongoka ndi tolimba, mabowo otseguka. Pulinta ya lero ya 600 dpi yokhala ndi tona yotopa siyisiyana kwambiri ndi makina amenewo pa zotsatira zake. Pa Mac Charter imapezeka kale, ndipo bungwe la SIL linapanga ina yochokera pa iyo, Charis SIL, yaulere, yokhala ndi zilembo zapadera za zinenero zambiri, moti kwa amene akulemba lipoti la kafukufuku wa zinenero lofuna zizindikiro za katchulidwe ndiyo yoyenera. Chenjezo, Charis SIL imabwera ndi mpata waukulu kale pakati pa mizere, mukaiwonjezera 1.5 masamba amachuluka modabwitsa, ndi bwino kupita pa Line spacing, kusankha Exactly n'kulemba nokha, mwachitsanzo 17 pt pa zilembo za 11. Ndipo popeza pa shopu palibe, iyi ndi ya PDF basi.

Century Schoolbook, yomwe inapangidwira mabuku a ana a sukulu ku Amereka zaka zoposa 100 zapitazo, nayonso imawerengeka bwino kwambiri pa 11, kungoti ndi yotambalala ndipo si makompyuta onse ali nayo.

Tiyeni tiike manambala pa tebulo kuti tione za m'thumba, poti ku shopu amawerengera pa tsamba. Tinene kuti muli ndi lipoti la Chingerezi la mawu 12,000, A4, mpata wa m'mbali 2.54 cm mbali zonse, mizere pa 1.5. Malo olembapo kuchokera pamwamba mpaka pansi ndi 24.6 cm. Times 12 pa 1.5 mzere uliwonse umatenga 20.7 pt, ndiye pa tsamba pamakwana mizere 33, mzere uliwonse mawu ngati 15, mukachotsa mitu ndi mizere yothera pakati mumatsala ndi mawu cha m'ma 440 pa tsamba, lipoti lonse masamba 27 kapena 28 musanaike matebulo ndi zithunzi. Mukasintha n'kuika Arial 12 muyembekezere masamba cha m'ma 31, Verdana 12 ikufikitsani kufupi ndi 38, ndiye ngati akufuna makope atatu, Verdana yokha yakudyerani masamba ena 30 pachabe. Cambria 11.5 imathera pafupifupi pomwe pathera Times 12, kusiyana tsamba limodzi uku kapena uku, kutanthauza kuti kuda kwabwino kuja mukukupeza osalipira kanthu. Georgia 11 nayo ili cha pomwepo.

Tsopano lipotilo likufuna kubayindidwa, ndipo sipairo kapena tepi imadya mbali ya kumanzere. Ikani kumanzere 3.5 cm, kumanja 3 cm, mzere utsike kufika 14.5 cm, zilembo pa mzere zitsike kufika cha m'ma 80, zomwe zili bwinopo kwa diso. Masamba akwera kufika ngati 30. Ngati palibe lamulo la 1.5, pitani pa Paragraph, pa Line spacing musankhe Multiple n'kulemba 1.3, mizere pa tsamba ikwera kuchoka pa 33 kufika 38 ndipo mwabwerera ku masamba 26, ndi tsamba lowerengeka bwino kuposa lija munayamba nalo. Mzere waufupi safuna mpata waukulu ngati wautali, zinthu ziwirizi zimayendera limodzi. Ndipo zonsezi musamachite posankha mawu onse ndi Ctrl+A, mudzaononga mitu ndi matebulo, dinani kumanja pa sitayilo ya Normal, musankhe Modify, musinthe pamenepo kamodzi.

Kwa olemba lipoti m'Chichewa pali kena kowonjezera. Mawu athu ndi aatali, liwu ngati sindinakawafotokozerenso likakana kukwana kumapeto kwa mzere limasamuka lonse, ndipo ngati mwadina Justify kuti mbali zonse ziwongoke, Word amatambasula mipata ya mawu otsalawo mpaka mzere kuoneka ngati wagumuka mano, pa fonti yotambalala ngati Arial 12 zimanyanya. Siyani mawu atsamire kumanzere basi, kumanja kukhale kosafanana, palibe cholakwika. Chilembo cha ŵ chilipo mu Times New Roman, Arial, Calibri, Cambria, Georgia ndi Charis SIL, mu Word ya pa Windows lembani U+0175 kenako dinani Alt+X. Mafonti okongoletsa otsitsidwa pa intaneti ambiri alibe, Word amakabwereka ku fonti ina ndipo mumaona chilembo chimodzi chachilendo pakati pa liwu, komanso kadenga kaja ndi koonda, mu Times pa tona yofooka ndi koyamba kusowa.

Musangokhulupirira ine, pulinta iliyonse ili ndi khalidwe lake. Kutatsala masiku angapo, pangani tsamba limodzi loyesera. Tengani ndime yeniyeni ya mu lipoti lanu, ya mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, muibwereze kanayi pa tsamba lomwelo, Times 12, Cambria 11.5, Georgia 11, Arial 11, ndipo pansi pa iliyonse ikani mizere iyi:

```
rn m   cl d   e c o   Il1   O0   3 8 6 5
CaCl2   1,180.50   Malaŵi   ng'ombe
```

Kapulinteni pa shopu yomweyo mudzapulintire lipotilo, pa pepala lomwelo, kenako apempheni akope tsambalo, ndi kukopanso kope ija. Mwalipira masamba atatu okha. Kunyumba ikani kope yomalizayo pamwamba pa tsamba lina lolembedwa, osati pa tebulo lopanda kanthu, chifukwa mu lipoti lobayindidwa pansi pake pamakhala mawu ena omwe amaonekera. Werengani madzulo pa babu wamba, pepala lili patali ngati mmene munthu amagwirira powerenga. Yang'anani e, ngati kamzere kake kaduka ndiye kuti fontiyo ndi yoonda pa makina amenewo, ngati kabowo kake katsekeka ndiye kuti ndi yonenepa kapena yaing'ono. Yang'anani 3 ndi 8, komanso kadontho ndi kamchira mu 1,180.50, chifukwa pa lipoti la ndalama pamenepo mpomwe pamaphedwa munthu. Mukaona mzere woyera wotsika kuchokera pamwamba mpaka pansi kudutsa mafonti onse anayi, kapena mbali imodzi ya tsamba yatuwa, imeneyo si nkhani ya fonti, katiriji yatha kapena yaonongeka, funani shopu ina.

Pa tsamba lomwelo yesaninso tebulo limodzi. Mitundu ija Word amapaka m'mabokosi a tebulo, pa pulinta ya zakuda zokha imasanduka timadontho, ndipo nambala ya 9 pt ili pamwamba pa timadontho, ikakopedwa, yapita. Chotsani utotowo, siyani timizere tochepa topingasa, manambala pa 10. Mawu oyera pa bokosi lakuda ndiye oipitsitsa, tona imadzaza zilembozo, pepala la 70 limapindika ndipo chibokosicho chimaonekera kuseri.

Chomaliza ndi fayilo yomwe mupite nayo. Mukamaliza, File, Save As, musankhe PDF, mutsegule PDF-yo muione tsamba ndi tsamba, ndipo imeneyo ndi yomwe ipite pa fulashi kapena pa WhatsApp. PDF imanyamula fonti mkati mwake ndiye ya pa shopu ikhale nayo kapena ayi zilibe kanthu. Ngati mphunzitsi akufunanso fayilo ya Word, pitani File, Options, Save, muchonge Embed fonts in the file, ngakhale mafonti ena salola kunyamulidwa choncho. Amene mumalembera mu LibreOffice, Liberation Serif ili ndi miyeso yofanana ndi Times New Roman, Liberation Sans ndi Arial, Carlito ndi Calibri, Caladea ndi Cambria, ndiye fayilo ikasinthana pakati pa ziwirizo mizere siyisuntha kwenikweni. Ndipo akamapulinta PDF-yo imani pafupi muone pa sikirini yawo, pa kukula pakhale Actual size osati Fit, komanso pepala likhale A4 osati Letter, chifukwa Fit imatha kufinya tsamba lonse pang'ono ndipo 11.5 wanu uja atuluka ali pafupi ndi 11.